Si Malungo Ayi

“Amayi, jakisoni amachiza kapena amadwalitsa?” Mwana wa Rosta anafunsa zimenezi kalekale ku Balaka, thupi litatentha atabayidwa katemera wa chikuku. Funsoli linamubwerera Rosta mu 2021, ku kiliniki ya ku Al Qusais, ku Dubai, komwe ankalandira odwala pakhomo, namwino wamkulu atamupempha kuti alembe uthenga wa katemera wa korona m'Chichewa, uikidwe pa gulu la WhatsApp la Amalawi.

Rosta analemba zabwino zokhazokha. Za kutentha thupi anazisiya dala, poopa kuti anthu athawa. Atamufotokozera namwinoyo, mayi wa ku India wosachedwa kulankhula, iye anapukusa mutu.

“Ukabisa, thupi likadzawatentha adzati tinawanamiza. Lemba zonse, koma mofatsa.”

Rosta anakumbukira pomwepo mapilitsi a LA amene Mmalawi aliyense amabwera nawo m'chikwama. Munthu wakwathu akangomva kuzizidwa, amati malungo. Ndiye analembanso:

“Mukabayitsa, mkono ungawawe, thupi lingatenthe kapena kuphwanya tsiku limodzi kapena awiri. Zimenezi zimachitika, ndipo zimatha. Musamwe LA. Imwani madzi ambiri, panado ngati mukumva kuwawa, ndipo mupume. Zikapitirira masiku atatu, mukamabanika, kapena ngati mwabwera kuchokera kumudzi posachedwa, bwerani tikuyezeni.”

Woyamba kuyankha anali Mwanajuma, wogulitsa m'sitolo ya nsalu, amene chipinda chake chinayang'anizana ndi cha Rosta. Sanalembe pa gulu. Anamudikirira pa masitepe.

“Achemwali, ndiye mwavomera nokha kuti amadwalitsa? Khalas, basi, ine mawa sindipita kukabayitsa.”

Mayiyu anali ndi shuga, ndipo tsiku lonse ankakhala pakati pa makasitomala. Koma Rosta sanamukakamize.

“Ndalemba zimene zinandichitikira ine. Ndinagona tsiku limodzi, mawa lake ndinachapa. Za shuga wanuyo mukafunse adokotala musanabayitse, akuyankhani.”

“Inu kuchapa mumachapa ngakhale pa maliro,” anatero Mwanajuma, n'kulowa m'chipinda.

Mawa lake Rosta sanamuone ku kiliniki, poti tsikulo anali pa ofu. Lachisanu masana anamva kugogoda. Anali Mwanajuma, atafunda bulangete, Dubai akutentha choncho, m'manja muli paketi ya LA yosatsegula.

“Ndinabayitsa dzulo. Mano akugundana ngati ndili ku Namwera mwezi wa Juni. Dzanja linafika kale m'chikwama, koma ndawerenganso uthenga wanu uja. Tengani, asandiyese.”

“Kumudzi munapita liti?”

“Zaka ziwiri zapitazo.”

“Mukupuma bwino? Shuga mwayeza?”

“Zonse zili bwino. Mkonowu ndiye ngati wa munthu wina.”

Rosta anaseka, namukhazika pampando, n'kumuthirira madzi m'kapu.

“Pa jakisoni wachiwiri uja musakandisiye ndekha,” anatero Mwanajuma.

“Ndidzakuperekezani, ndipo madzulo ake ndidzaphika ndine.”

“Inshallah. Koma mchere ndidzathira ndekha, inu mumachulutsa.”