Ulusi wa pa Dzanja la Nevena

Tsiku limenelo kunagwa chipale chofewa kuyambira m'mawa, ngakhale kuti mwezi wa Malichi unali utafika pakati. Mwana wanga Nevena analowa m'nyumba akukutumula jekete, n'kuika pepala pafupi ndi mbale yanga.

"Ababa, musaine apa. Ndi kalata ya Mayi Tsonkova, aphunzitsi a kemisitire. Lachinayi tiyamba kulowa mu labotale."

Ine sindisaina chinthu ndisanawerenge. Ndinavala magalasi.

Kalatayo inali yolembedwa bwino. Inati ana azivala malaya oyera aatali ndi magalasi otchinga maso. Tsitsi lalitali limangidwe kumbuyo. Asadye kapena kumwa chilichonse m'chipindamo. Asaike mphuno pakamwa pa botolo, koma azikupiza mpweya wake ndi dzanja. Posungunula asidi, azithira asidiyo pang'onopang'ono m'madzi, osati madzi mu asidi, chifukwa kusakanizako kumatentha kwambiri ndipo madzi ochepa akagwera mu asidi amawira pomwepo n'kuthovukira kumaso. Apo ndinabwerezapo kawiri. Ndakhala ndikukonza mabasi zaka makumi atatu, mabatire a asidi ndawagwira osawerengeka, koma chifukwa chake palibe anandiuzapo.

Kenako mzere wachisanu ndi chiwiri: "Pamanja pasakhale chilichonse, kaya wotchi, chibangili kapena ulusi. Izi zikukhudzanso martenitsa. Mwana wobwera nazo sadzaloledwa kugwira chipangizo."

Ndinayang'ana dzanja la Nevena. Panali martenitsa zisanu ndi zinayi, ulusi wofiira ndi woyera wopotedwa pamodzi, umene timamangirana pa 1 Malichi pofunirana moyo. Suvulidwa mpaka munthu ataona dokowe woyamba kapena mtengo utachita maluwa. Zisanu ndi zitatu zinali za anzake, zogula pamsika. Imodzi ndinapota ndine ndi ubweya wa nkhosa umene mkazi wanga Velika anasiya m'dengu. Chimwalirireni iye, ntchito imeneyo ndimagwira ndine.

"Dokowe wamuona?" ndinafunsa.

"Ndi chisanu chimenechi? Madokowe ali ndi nzeru kuposa ife, ababa. Akadali kotentha."

"Ndiye sindisaina."

"Ababa! Opanda kalata azikhala kumbuyo n'kumakopera m'buku. Lachinayi lomwelo akusankha anthu anayi opita kumpikisano wa chigawo. Ine ndakonzekera chichokereni Khirisimasi!"

Ndinapinda kalatayo n'kuika m'thumba la malaya. Sindinali wokwiya. Ndinkangofuna kudziwa chimene kaulusi kangalakwire mphunzitsi.

Lachitatu masana ndinapempha bwana maola awiri n'kupita kusukulu. Mayi Tsonkova ndinawapeza okha mu labotale akutsuka timachubu tagalasi. Anali aafupi, aimvi, atapinda malaya mpaka m'zigongono. Pamanja pawo panalibe kanthu.

"Ndinu bambo ake a Nevena? Khalani pansi, Bambo Radulov. Ndinu kholo lachisanu kubwera ndi mzere wachisanu ndi chiwiri. Za asidi palibe wafunsapo. Agogo ena dzulo anandiuza kuti mwana akadwala chifuwa, mlandu ndi wanga."

"Ine ndingofuna kuona," ndinatero.

"Kuona? Bola inu. Enawo amafuna kulalata."

Anatsegula kabati n'kutulutsa martenitsa ya pamsika. Anayatsa kanyale ka sipiliti pa thileyi yachitsulo, n'kugwira ulusiwo ndi chopanira. Utangokhudza lawi unayaka, moto n'kukwera msangamsanga, ndipo unasungunuka n'kudontha madontho akuda amene anapitiriza kuyaka pa thileyipo.

"Umenewu ndi pulasitiki, ngakhale ukuoneka ngati ubweya. Ukadonthera pakhungu umamatirira. Mwana akutambasula dzanja kuti atenge botolo kuseri kwa nyale, tinsonga ta ulusi tikulendewera pa lawi. Mwaona?"

Ndinatulutsa m'thumba kachidutswa ka ubweya wa Velika. "Yesani uwu."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, n'kuulandira. Ubweyawo unafwanyalala, unanunkha ngati tsitsi lowauka, ndipo atauchotsa pa lawi unazima wokha. Kunsonga kunatsala kakhala kakuda kamene anakafikisa ndi zala n'kusanduka fumbi.

"Ubweya weniweni," anatero. "Mwautenga kuti? Masiku ano ndi wosowa ngati mwana wowerenga kalata asanaipereke kwa makolo."

"Suyaka," ndinatero.

"Umavuta kuyaka, inde. Mukuganiza kuti mwawina?"

Ndinkaganizadi choncho.

Anazimitsa nyale poivundikira ndi kachivindikiro kake. "Bwerani kusinki. Pindani malaya."

Inenso ndinali ndi martenitsa yanga pa dzanja, imene Nevena anandimanga. Anatsegula mpopi n'kunyowetsa ulusiwo mpaka unakhuta madzi.

"Tsopano tinene kuti amenewa si madzi, ndi asidi. Pakhungu poyera timatsuka ndi madzi ambiri kwa mphindi khumi ndi zisanu, ndipo nthawi zambiri zimathera pomwepo. Koma ulusi wamwa, ukusunga asidiyo pakhungu kuzungulira dzanja lonse. Uyenera kuchoka. Masulani. Dzanja limodzi lokha, linalo likupsa."

Anayamba kuwerenga mokweza. Mfundo inali itafufuma ndi madzi. Zala zanga, zimene zimamasula maboliti adzimbiri, zinkangoterereka. Ndinayesa ndi chikhadabo. Atafika makumi anayi ndinapititsa dzanja kukamwa.

"Ndi mano? Tsopano asidi ali pamilomo. Mwachita bwino kwambiri, Bambo Radulov."

Ndinatsitsa dzanja. Madzi ankatsikira m'chigongono.

"Lumo?" ndinafunsa.

"Lilipo limodzi, m'kabati umo. Ana ndi makumi awiri ndi asanu ndi mmodzi, ine ndili ndekha, ndipo mwana wanu ali ndi mfundo zisanu ndi zinayi."

Ndinapukuta dzanja pa buluku. Iwo anabwerera ku machubu awo, osandifulumiza.

"Inu simuvala?" ndinafunsa.

Anakanula malaya oyera pang'ono. Pa juzi, pachifuwa, panali kamartenitsa kobayidwa ndi pini. "Mkati mwa malaya mulibe vuto. Uzani Nevena asamutsire pamenepa."

"Yomanga pa dzanja sisamuka. Ikachoka yachoka."

"Analamula ndani zimenezo?"

"Mkazi wanga ankatero."

Sanaseke. Anapukuta manja ndi kansalu. "Ndiye muli ndi lero lokha. Dokowe simungamuimbire foni. Ine lamulo sindisintha, ndipo mwana wanuyo ndikumufuna pa anayi aja. Ali ndi manja osanjenjemera."

"Mwambo umati dokowe kapena mtengo wa maluwa."

"Pezani mtengo wopenga umene ungachite maluwa m'chipale chotere."

Ndinaganiza. Basi ya ku ntchito imadutsa kuseri kwa bekale yakale, kumene mtengo wa mapulamu unamera motsamira khoma la uvuni. Khomalo limakhala lofunda usana ndi usiku, ndipo chipale sichikhalitsa pansi pake. Chaka chimenecho ndinali ndisanauyang'ane. Mwina unali utaphukira, mwina ayi.

"Mukapanda kuupeza?" anafunsa Mayi Tsonkova, ngati aona zimene zinali m'mutu mwanga.

"Ndidzadula ndekha. Ndinamanga ndine."

Ndinapempha cholembera n'kusaina kalatayo pa tebulo lawo. Kenako ndinakadikira Nevena pageti, ndipo atatuluka ndinamutenga kupita naye kubekale.