Manotsi opanda mayina a aphunzitsi

Chaka chimene kolera inabweranso ku Kanyama, ine Marjory ndinali ndi mwayi umodzi wotsala pa koleji ya unamwino. Phunziro la matenda a ana ndinali nditalephera kale, ndipo lamulo silinkanyengerera: ukagwanso, longedza. Ndiye amayi anagwa sitiroko. Temu yonseyo ndinathera kuwatembenuza ndi kuwasambitsa, m'kalasi n'kumangoonekera ngati mlendo.

Koleji nayo inali itatopa. Kwacha ikugwa, malipiro akuchedwa, aphunzitsi ankangosinthana. Mutu umodzi wokha, wa kutsegula m'mimba kwa ana, anauphunzitsa anthu atatu! Ba Chalwe, mdala wopuma pantchito, ankawerenga mapepala ake achikasu aja. Ba Mukupa ankabwera masana kuchokera ku kiliniki, yunifolomu ili m'thupi. Wachitatu anangoyamba pang'ono, n'kukwera ndege kukagwira ntchito kunja.

Amene anandimvera chisoni ndi Ngosa, mnzanga wa m'kalasi wa ku Mtendere. Loweruka lililonse ankakwera maminibasi kudzera m'tauni, n'kudzayala makope ake pansi pafupi ndi matiresi a amayi.

"Ona apa, mnzanga," anatero tsiku lina. "Madzi a shuga ndi mchere, lita imodzi. Ba Chalwe akuti shuga timasipuni eyiti, mchere kasipuni kathunthu. Ba Mukupa akuti sikisi, mchere theka. Manje mwana wa munthu timupatse viti?"

Ine mutu unali utazungulira kale. Koma Ngosa ndi munthu wa liuma. Anakabwereka buku la unduna wa zaumoyo ku kiliniki, n'kuyamba kufananitsa mzere ndi mzere. Buku linagwirizana ndi ba Mukupa: sikisi ndi theka, mapilitsi a zinki, ndipo mwana apitirize kuyamwa ndi kudya. Ba Chalwe ankati mwana asadye kaye, m'mimba muyambe mwapuma, zinki sankaitchula n'komwe. Zinali za m'masiku awo, si kuti ankanama. Za mwana amene wafooka mpaka sangathe kumwa, wofunika diripu, panalibe anaphunzitsa, poti inali mbali ya mphunzitsi wa ndege uja. Ngosa anazitenga m'bukumo n'kutseka dzenjelo.

Kenako analemba zonse mwaukhondo, zakale n'kuzichotsa, mayina a aphunzitsi n'kuwachotsanso.

"Ulibe nthawi yowerenga mikangano ya akuluakulu," anatero. "Werenga chabe ivi."

Ndinalira, osabisa. Palibe anandichitirapo chinthu chokongola chotero. Ndinkawerenga ndikuphikira amayi phala, ndikuchapa zofunda, mpaka zonse zinalowa m'mutu.

Koma pa koleji pathu mphunzitsi aliyense ankalemba funso lake pa mayeso, n'kulichonga yekha ndi pepala lake la mayankho. Wophunzira aliyense ankadziwa zoyenera kuchita: uzindikire mwini funso, umubwezere mawu ake. Ine ndikanazindikira bwanji, m'kalasi sindinkakhalamo? Funso lalikulu, la malikisi ambiri, linali la kutsegula m'mimba komweko. Ndinamwetulira m'holo ya mayeso ngati chitsiru, n'kulemba mpaka dzanja kuwawa.

Zotsatira zitamatidwa pakhoma, dzina langa linali kunsi kwa mzere wofiira. Funso lija linali la ba Chalwe, ndipo ndi limene linandigwetsa.

Ba Chalwe ndinawapeza akudikira minibasi, atapanira chikwama m'khwapa. Sanandikalipire ayi, mwina zikanakhala bwino akanatero.

"Mwana wanga, ine ndimachonga ndi pepala limene ndili nalo," anatero. "Buku latsopano koleji sinandipatsepo."

Ku ofesi anandiuza kuti zotsatira zasainidwa kale, kulibe kubwerera. Ndinabweza khadi langa la koleji, n'kuyenda wapansi mpaka ku Kanyama, nsapato zili matope okhaokha. Amayi sindinawauze. Pakamwa pawo panali patapotoka, koma ankayesabe kunditchula kuti ba nesi.

Ngosa anabwera Loweruka lotsatira, wopanda makope. Anaima pakhomo ngati wobwera pamaliro. Iye anali atakhoza, ndipo ndinamukumbatira ndi mtima wonse. Tinakhala pa sitepe, madzi amvula akuyenda m'njira. Kenako chinthu chinandibwerera m'mutu.

"Iwe Ngosa, si funso lomwelo tinalemba tonse? Shuga unalemba timasipuni tingati?"

Anayang'ana zala zake.

"Nditawerenga funso, ndinamva mawu a mdala uja m'khutu," anatero motsitsa. "Dzanja linangopita lokha. Ndinatembenuka kuti ndikuyang'ane, iwe uli kumwetulira."

"Ndakufunsa kuti tingati."

"Eyiti."

M'nyumba amayi anayamba kuitana ba nesi. Ndinadzuka kukawatembenuza.