Mwamuna wa Pansi pa Zenera la Millicent

Ku Chikale kuno anthu ali ndi maso akuthwa kuposa mbedza, koma kufunsa ndiye amaona ngati nsomba yowola. Zikanakhala kuti amafunsa, nkhani ya Millicent sikanafika mpaka ku Joni.

Millicent amagulitsa nsomba zowamba pamsika wa pa boma. Mwamuna wake Paston ali ku Joni, ndipo Lamlungu lililonse akaweruka kutchalitchi amaimbirana pa vidiyo. Banja lawo lonse limapumira pa foni imeneyi. Tsono bandulo ya sabata inkatha ngati mchere wogwera m'madzi, pomwe ya mwezi payekha inkamulemera. Ndiye anagwirizana ndi neba wake, a Mackford, dalaivala wa lole wochokera ku Mzuzu amene amachita lendi nyumba ya kuseri, kuti azisonkherana n'kugula ya mwezi pa foni ya Millicent, iwowo azikoka pa hotisipoti.

Uthenga wofotokoza zonse anayamba wautumiza pa WhatsApp, n'kukhala tsiku lathunthu akufufuma kuti bambowa sakuyankha. Anachita kukumbuka ali pakati pa kuwamba kuti munthu wopanda data uthenga wa pa WhatsApp sungamufike. Anautumizanso ngati meseji wamba:

"Ada Mackford, bandulo ija ndagula. Tsegulani Wi-Fi, musankhe dzina loti Millicent. Pasiwedi ndi Batala77, B wamkulu, osadumphitsa mpata. Musauze munthu, ngakhale kondakitala wanu, chifukwa foni yanga imaonetsa kuti alumikiza ndi angati. Muzimitse zoti mavidiyo azidzitsitsa okha. Muzimitsenso zoti mapulogalamu azidzikonza okha, pajatu foni ikaona Wi-Fi imayesa ndi zaulere. TikTok ayi, ine sindionera, inunso musaonere. Foni ndiziika pazenera m'mawa ndisanapite kumsika ndi madzulo ndikabwera. Ndikachoka nayo netiweki yachokanso, musatukwane kampani. Magetsi akazima ndizimitsa, imadya batire. Lamlungu masana ndi langa ndekha, ndimayankhula ndi bambo a kunyumba. Ikatha mwezi usanathe tonse tidikire, palibe kulozana zala. Yewo."

Malamulo anali abwino, ndipo a Mackford anawasunga ngati a m'Baibulo. Chimene onse awiri sanachiganizire ndi chakuti hotisipoti ili ndi miyendo yaifupi. Ikadutsa khoma la njerwa imafika pamtengo wa mango ili wefuwefu, pakhomo pa a Mackford osafikako n'komwe. Bambo aja anayesa pakhonde, anayesa kukwera pa ndowa, mapeto ake anapeza kuti malo okoma ndi pansi pa zenera lenilenilo. Ndipo zeneralo linali la kuchipinda.

Ndiye taganizirani. M'mawa uliwonse, madzulo aliwonse, bambo wa ndevu zake ataima pazenera la kuchipinda kwa mkazi wa mwini, akumwetulira yekhayekha. Nthawi zina amajambula mawu opita kwa akazi awo ku Mzuzu, motsitsa ndithu, mwachikondi, amayi opita kunyanja ndi mabeseni akudutsa pomwepo. Sabata isanathe nkhani inali itatsikira kudoko, yakwera minibasi, yabwerera itanenepa. Pamsika anzake a Millicent anayamba kumati akafika, nkhani zii.

Amene anabwera nayo poyera ndi mlamu wake Jessie, mchemwali wa Paston, mayi amene amati akamva fungo la mlandu nsapato amavalira panjira. Anafika Lamlungu masana yunifolomu ya kutchalitchi asanavule.

"Mlamu, ine sindibisa," anatero ataima pabwalo, mpando ataukana. "Achimwene ndawauza kale. Iwo akuvutika ndi chisanu kwa eni ake, inu kuno mwatsegula zenera?"

Millicent manyazi anamugwira, koma mantha ndiwo anakula, chifukwa mwamuna amene ali kutali amakhulupirira amene wayamba kumuuza. Anafotokoza za bandulo, za kusonkherana, za pasiwedi. Jessie anangopotoza kukamwa.

"Mwe! Netiweki yake yokonda zenera la kuchipinda? Bwanji sakukokera kwawo?"

Apa Millicent mtima unamuyaka. Anakagogoda kwa a Mackford, omwe anatuluka ndi chipewa m'manja ngati oitanidwa kupolisi.

"Ada, lero ndikuphwanya lamulo langa lomwe. Bweretsani foni yanuyo."

Anaika foni yake pazenera, nalemba nambala ya Paston mu foni ya a Mackford, n'kuimba pa vidiyo ataima pamalo omwe aja a mlandu. Paston anayankha nkhope ili gwa, ngati munthu amene sanagone bwino.

"Nambala iyi ndi ya ndani?"

"Ndi ya mwamuna amene mwauzidwa uja. Musadule, ada. Mungoona. Mlamu, nditsateni."

Anayamba kuyenda kulowera kwa a Mackford, foni ataikweza m'mwamba, Jessie ali pambuyo, a Mackford pambuyo pa Jessie, amayi awiri odutsa nawonso n'kutula mabeseni kulowa pamzere. Atafika pamango mawu a Paston anayamba kuduka ngati wailesi ya mabatire akutha. Atapitirira pang'ono nkhope yake inauma, kukamwa kuli yasa, diso limodzi lotseka. Pofika pakhonde la a Mackford foni inali ikungozungulira, kufunafuna netiweki.

"Achimwene anu awo," anatero Millicent. "Ayankhuleni."

Jessie anaitana kawiri, anagwedeza foni, anaipukuta ndi chitenje. Kenako gulu lonse linatembenuka kubwerera, ndipo atangofika pansi pa zenera Paston anadzuka n'kumaliza mawu amene anawasiya panjira. Mayi mmodzi wa beseni anapempha kuti abwerezenso, akuti sanaonetsetse.

Paston anali akuseka mpaka kupukuta misozi.

"Jessie, iwe wandisowetsa tulo chifukwa cha zimenezi? Ada Mackford, pepani. Imani pomwepo, ndi malo anu. Ineyo ndikuyankhula nanu pano ndaima pati?"

Anatembenuza kamera. Panalibe chipinda chimene Millicent ankachiona m'maganizo mwake Lamlungu lililonse. Panali khoma la kuseri kwa sitolo, migolo ya zinyalala, ndi amuna ena atatu atatsamira khomalo, aliyense ndi foni yake, makolala a majekete atawakweza mpaka m'makutu.

"Wi-Fi ya sitolo iyi imathera pa mgolo uwo," anatero Paston. "Komwe ndimagona ndi kutali, ndimachita kuyenda. Mlonda akabwera timabalalika."

A Mackford anaseka, amayi aja anaseka, Jessie anati wakumbukira kuti anasiya nyemba pamoto. Millicent yekha sanaseke. Nthawi yonseyi ankaona nkhope yokha itadzaza foni, ndipo ankamukalipira mwamunayo kuti amafulumira kudula ngati ali ndi wina womudikira.

"Bwanji simunandiuze kuti mumaima panja?"

"Ukanati ndisamaimbe."

Millicent anabweza foni ya a Mackford, nalowa m'nyumba, natenga yake pazenera n'kuimbanso. Paston atayankha, Millicent anakhala pamphepete pa bedi.

"Mlonda akabwera muthawe, ndimva," anatero. "Koma asanabwere, ndionetseni manja anuwo. Magolovesi mulibe?"