Nkhope ya Pachiliza cha a Malachi

Felicitas anali ndi zaka zisanu ndi chimodzi pamene bambo ake, a Malachi, anamwalira. Ankakumbukira nsapato zawo za mphira zitaimikidwa pakhomo, fungo la masamba a tiyi pa malaya awo, ndi mmene ankatsokomolera akamakwera kamtunda kochokera ku fakitale. Nkhope yawo sankaikumbukira. Banja lonse linali ndi chithunzi chimodzi chokha, chojambulidwa m'munda wa tiyi ku Honde, chigwa cha kumpoto kwa Mutare, a Malachi atabereka dengu kumsana. Chaka china denga linadontha pa bokosi limene ankasungamo mapepala, ndipo madzi anadya chithunzicho kuyambira m'khosi kupita m'mwamba. Panatsala thupi la munthu, dengu, mizere ya tiyi, ndi banga loyera pamene panali mutu.

Tsopano Felicitas anali ndi zaka makumi atatu, akugwira ntchito yoyeza masamba pa sikelo pa esiteti yomweyo. Ankakhala ndi mayi ake, a Domingas, amene maso awo anachita ng'ala moti ankangoona kuwala ndi mithunzi. Mu foni ya Felicitas munali pulogalamu yowerenga zithunzi. Akajambula botolo la mankhwala, inkawerenga zolembedwapo. Akaionetsa chithunzi cha mdzukulu, inkanena m'Chingerezi kuti pali mwana wavala yunifolomu yobiriwira waima pafupi ndi geti, Felicitas n'kumawamasulira mayi ake m'Chinyanja. Nthawi zina inkaphonya. Tsiku lina inati mbuzi yawo ndi galu, a Domingas anaseka mpaka misozi. Komabe kawirikawiri inkanena zimene zinalipodi, ndipo awiriwo anazolowera kuikhulupirira.

Mchimwene wake wamkulu, Fanwell, amene ankayendetsa magalimoto ku Joni, ndiye anayambitsa zomanga chiliza pamanda a bambo awo. Ankafuna mwala wakuda wokhala ndi chithunzi, ngati imene anaiona kumanda a m'tauni. Anauza Felicitas kuti ajambule chithunzi chowonongekacho amutumizire. Patapita masiku awiri anabweza china, ndi uthenga wakuti makina achikonza, bambo aja ndi awa.

Felicitas anatsegula uthengawo ali pa shedi yoyezera, nkhungu isanachoke m'mizere. Malaya anali omwewo, dengu lomwelo. Pamwamba pa khosi panali munthu. Anali ndi chipumi chachikulu, maso ofatsa, akumwetulira pang'ono ngati wangomva dzina lake likuitanidwa. Felicitas anakhala pansi pa thumba, mzere wa othyola tiyi n'kumamudikira.

Kwa milungu itatu sanawauze mayi ake. Ankafuna ayambe wakhala nayo yekha nkhopeyo. Ankaiyang'ana pa nthawi yopuma, ankaiyang'ana akakwera kombi, kaminibasi ka kumeneko. Anayamba kuona kuti mphuno yake ndi ya bambo ake. Zimene ankakumbukira zija zinapeza mutu: munthu wotsokomola pakamtunda uja anatembenuka, ndipo anali ndi chipumi chachikulu ndi maso ofatsa.

Lamlungu lina atabwera kutchalitchi anawakhazika mayi ake pakhonde n'kuwauza. A Domingas anagwira foni, kuiyandikitsa kumaso, koma anangoona kuwala. Anati aifunse ija yowerenga inene zimene ikuona. Felicitas anaionetsa chithunzicho, nayamba kumasulira: mwamuna wazaka pafupifupi makumi anayi, waima m'munda wa tiyi, wabereka dengu, wameta bwino, akumwetulira, mano ake akuoneka oyera ndi ondondozana.

A Domingas anafunsa ngati yatchula za mlomo. Felicitas anaifunsa za mlomo, ndipo inayankha kuti palibe chachilendo chikuoneka pamlomo.

“Bambo ako anang'ambika mlomo wam'mwamba ndi waya ali mnyamata,” anatero a Domingas. “Unapola mokwinyika, dzino limodzi linkaonekera ngakhale atatseka pakamwa. Pachithunzi sankaseka. Ameneyu ndani, mwanawe?”

Felicitas anati mwina makina anangosalaza chipseracho pokonza. A Domingas anakankhira foniyo kutali napukuta manja awo pa chitenje, pang'onopang'ono, ngati agwira chinthu cha kumanda. Anati munthu ameneyo asagone m'nyumba mwawo. Koma Felicitas sanachifufute chithunzicho.

Loweruka anakwera kombi kupita ku Hauna, atatenga chithunzi chakalecho mu envulopu. Kuseri kwa msika kunali kashopu ka Edmore, bambo wa imvi zochepa amene ankajambula zithunzi za ziphaso ndi kusindikiza mapologalamu a maliro ndi maukwati. Ndiye anayenera kukonza chithunzi chopita kwa osema mwala ku Mutare. Agogo ake a Edmore anachokera ku Mulanje, choncho ankalankhula Chinyanja chosakaniza ndi Chimanyika, chilankhulo cha kumeneko.

Felicitas anamuonetsa zithunzi ziwirizo nafotokoza zimene mayi ake ananena. Anafunsa kuti zitheka bwanji kuti foni imene imawerenga mankhwala molondola iname pa nkhope ya munthu. Edmore anayang'ana banga loyera lija ndi galasi lokulitsa, kenako anati zida zimenezi ndi ziwiri, ngakhale nthawi zina zimapezeka mu pulogalamu imodzi. China chimalandira chithunzi n'kutulutsa mawu onena zimene zilimo. Chinacho chimalandira mawu, kapena chithunzi choperewera, n'kutulutsa chithunzi chatsopano. Chachiwirichi chinaphunzira pa zithunzi zambirimbiri mmene nkhope za anthu zimakhalira, ndiye chikapeza mpata chimadzazapo nkhope yoyenerana ndi khosi, kuwala ndi malaya. Pansi pa banga loyeralo panalibe chimene chikanafukula. Madzi anachotsa zonse.

Felicitas anati koma mphuno ikufanana ndi yake. Edmore sanatsutse. Anaika chithunzi chakalecho pa sikana yolowetsera zithunzi mu kompyuta, n'kuyamba ndi chida chowerenga. Chinalemba kuti pali munthu wavala malaya a mizere, wabereka dengu, waima m'munda wooneka ngati wa tiyi, ndipo mbali ya mutu yawonongeka moti nkhope siikuoneka. Kenako anatsegula chida chojambula, nachiuza kuti chidzaze pamene pawonongeka.

Pagalasi la kompyuta panabwera munthu wa masaya onenepa ndi ndevu zochepa, atavala malaya a bambo a Felicitas. Edmore anadinanso. Panabwera wina wowonda, wa maso olowa. Anadinanso, panabwera wachinyamata wa mpata kumano. Wachinayi anafanana pang'ono ndi wa pachithunzi cha Fanwell uja, koma makutu anali ena. Onse anaima pamalo amodzi, dzanja lomwelo litagwira lamba wa dengu, onse akuyang'ana Felicitas.

“Basi, lekani,” anatero Felicitas.

Kunja wina ankaitanira anthu opita ku Mutare. Felicitas anafunsa, mawu ali pansi, kuti anthu amenewa ndi a kuti, ngati ndi akufa a eni ake amene makina awatola kwina. Edmore anati sakhulupirira kuti ndi munthu wina aliyense amene anakhalapo ndi moyo. Ndi nkhope zopangidwa kuchokera ku maonekedwe a anthu ochuluka, ngakhale zikhoza kufanana ndi wina mwangozi. Felicitas anaona kuti yankho limeneli silinamupepuze. Munthu wakufa akanakhala ndi kwawo, ndi manda ake. Amene iye anakhala akumuyang'ana milungu itatu analibe mayi, analibe dzina.

Anafunsanso chifukwa chimene chowerenga chija sichinamuchenjeze tsiku lija pakhonde. Edmore anati chinafotokoza zimene chinapatsidwa. Chinaona mano ondondozana, chinanena mano ondondozana. A Malachi sichinawadziwepo, ndipo sichikanatha kutsimikiza ngati nkhopeyo inachokera mu kamera kapena ayi. Anawonjeza kuti akhoza kuuza chojambulacho kuti chiike chipsera pamlomo, chikhoza kuikadi, koma chidzakhala chipsera chongopeka pa munthu wongopeka. Anati mabanja ena amavomera zimenezo, ndipo iye sawaweruza.

Felicitas anamuimbira Fanwell ali pomwepo, namuuza zimene waona. Fanwell anakwiya. Anati iye anali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene bambo ankamwalira, akuwakumbuka, ndipo chithunzicho ndi iwowo. Felicitas anamufunsa kuti chipsera chinali mbali iti ya mlomo. Pafoni panangomveka phokoso la magalimoto a ku Joni kwa nthawi yaitali.

“Mukoma, mulipo?” anafunsa Felicitas, kumuitana mchimwene wakeyo m'Chimanyika.

“Ndinali nditaiwala kuti anali ndi chipsera,” anatero Fanwell. “Ndakhala ndikuchiyang'ana chithunzichi tsiku lililonse.”

Mwalawo unabwera mu Ogasiti, wopanda chithunzi. Panalembedwa dzina, zaka, ndi mudzi wa ku Thyolo kumene a Malachi anachokera ali mnyamata. Pa tsiku lovundukula, abusa atatha pemphero, a Domingas anagwada nayendetsa zala pa zilembozo chimodzichimodzi. Anthu akubalalika, Felicitas anawapempha kuti amuuze nkhope ya bambo ake yonse, kuyambira tsitsi mpaka chibwano. A Domingas anayesa. Anatchula chipsera, anatchula dzino, anati khungu linali lakuda kwambiri. Atafika pa maso anaima. Anati akuwaona bwinobwino m'mutu mwawo, koma mawu ake sakuwapeza.

Felicitas anachifufuta chithunzi cha Fanwell madzulo a tsiku lomwelo, mu foni ndi mu mauthenga momwe. Lolemba anabwerera ku sikelo. Cha m'ma seveni, nkhungu ikutsika kuchokera kumapiri, anamva munthu akutsokomola pakamtunda ka ku fakitale. Anali mmodzi wa othyola tiyi, mkulu wina amene ankamudziwa bwino. Koma asanamuzindikire, m'mutu mwake bambo ake anali atatembenuka kale, ndi chipumi chachikulu chija, maso ofatsa, mlomo wosalala. Anayesa kuikapo chipsera, koma sichinakhale. Mkuluyo anafika, natsitsa dengu lake, ndipo Felicitas analikoleka pa sikelo.