Dzina la mu Ndime Yachitatu

"Kodi a Ampofowa, alipo amene wawaonapo chaka chino?"

Anafunsa motero Sanatu. Malume ake, Alhaji Napari, eni kampani, anali kalikiliki kusakasaka chidindo m'madirowa. Iddrisu, woyendetsa makina okumbira mijigo, anali pakhomo akudya waakye, mpunga wa nyemba wokulunga m'masamba, maso ali kumsewu. Fumbi la nyengo ino mumzinda wa Tamale limalowa ngakhale mutseke mawindo, ndipo linali litayalana kale pa mapepala onse.

Sanatu anabwerera pa kompyuta. Boma lina laling'ono la kumpoto linkafuna kampani yokumba mijigo m'midzi, ndipo tenda inkatsekedwa mawa lake m'mawa. Mapepala ena onse anali okonzeka. Chomwe chinatsala ndi kalata ya pamwamba, ija imauza komiti mwachidule kuti ndife ayani, tili ndi chiyani, ndipo zomwe mwapempha zili pa tsamba liti.

Kalatayi ankaidziwa ngati njira ya kumsika. Ndime yoyamba: kwa wapampando wa komiti, nambala ya tenda, ndi lonjezo loti mtengo wathu sugwedezeka masiku makumi asanu ndi anayi. Yachiwiri: chikalata cholembetsera kampani, cha msonkho, cha penshoni ya antchito, chilolezo chokumba, chikole cha ku banki, zonse zaikidwa ndipo sizinathe ntchito. Yachitatu ndiyo inkamutopetsa: makina, ntchito zomwe tinagwirapo, ndi akatswiri athu.

Chilowereni ntchito, mu ndime imeneyi ankalembamo a Ampofo, katswiri wofufuza madzi a pansi pa nthaka. Mkuluyu anapuma ntchito kalekale, amakhala kummwera, ndipo chomwe ankatumiza ndi siginecha basi. Woyenda m'tchire ndi zingwe ndi zikhomo zoyezera, wouza Iddrisu kuti kumba apa osati apo, anali Sanatu. Midzi yambiri inkamwa madzi ake, koma pa pepala onse anali madzi a a Ampofo.

"Malume, tamverani izi," anatero, chala chili pa buku la tenda. "Akufuna katswiri wa digiri, wa zaka zosachepera zitatu pa ntchito. Ine ndakwanitsa mwezi watha."

"Zikomo, tiphe nkhanga."

"Sindikuseka. Ndilembemo dzina langa."

Alhaji anapeza chidindo chija, nachiuzira fumbi. "Mwana wa mlongo wanga, a komiti aja amafuna imvi. Akaona chaka chomwe unabadwa adzati tatumiza mwana wa sukulu."

"Imvi zinakumbapo mjigo?"

"Zinakumbadi," Iddrisu analowerera, kukamwa kuli tho. "Mwezi watha a Ampofo anandithandiza kunyamula mapaipi. Kumaloto."

"Iwe idya. Kompresa uja wamukonza?"

"Alhaji, ine ndine dalaivala. Kuukitsa akufa si ntchito yanga."

Kompresayo, makina opereka mpweya pokumba mjigo, analinso mu ndime yachitatu, wamoyo ndi wathanzi. Sanatu anapumira m'mwamba, nasindikiza kalata momwe inalili. Malume anasaina, nadinda, namutuma kukamangitsa mabuku: lenileni limodzi ndi makope ake.

Kwa Mma Lariba, kumene makampani onse a m'tauni amamangitsa mabuku a tenda, kunali kodzaza. Anthu olimbirana ntchito imodzi anakhala pa benchi imodzi, aliyense atafungatira mapepala ake ngati khanda, akufunsana za kunyumba. Koma mapepala akafika pa tebulo la Mma Lariba, chinsinsi chinkathera pomwepo, chifukwa mayiyo ankaboola masamba mulu ndi mulu, poyera.

"Injiniya wathu, fikani," anatero. "Inunso mwabwera ndi mwamuna wanga?"

"Mwamuna wanu uti, mayi?"

Mma Lariba anakweza tsamba pa mulu wa kampani ina. Chithunzi cha a Ampofo, tayi yomweyo. Anakweza pa mulu wachiwiri. A Ampofo.

"Nkhope iyi ndimaiona kuposa ya bambo a kunyumba. Lero ndi kachitatu. Mkuluyu ali ngati mchere, ndiwo zonse alimo."

A pa benchi anaseka, kuseka kwa anthu otopa. Sanatu sanaseke. Buku lililonse linali ndi pepala losainidwa loti katswiriyu adzapezeka pa ntchito nthawi yonse. Komiti yomwe ija ikanaona lonjezo limodzi m'mabuku atatu. Mwina ikanatsinzina, monga mwa masiku onse. Mwina ayi: wapampando anali watsopano, ndipo ankamveka kuti amawerenga.

Anatenga mapepala ake asanabooledwe, nakwera njinga yamoto kubwerera. Mawu anawakonza m'njira, oti malume asapeze pothawira.

Mu ofesi anapeza mlendo. Alhaji Dawuni, mnzawo wa malume, yemwenso anali ndi kampani yokumba mijigo, anali atavula nsapato akumwa tiyi. Sanatu anagwada pang'ono, napereka moni, kenaka n'kunena zomwe anaona.

"Tamva kale," anatero malume. "Nkhani ya kwa Lariba imathamanga kuposa njinga yako. Chotsamo Ampofo. Lembamo dzina lako."

Sanatu anaima kaye. Zaka zitatu akudikira mawu amenewa, ndipo anatuluka mopepuka ngati akumutuma madzi. Anakhala pansi, nafufuta dzina la mkulu uja, nalemba lake: Sanatu Wumbei. Analiyang'ana. Linakwana bwino pa mzerewo.

"Ukonzenso za kompresa," malume anapitiriza. "Ulembe kuti ndi wobwereka. Mwini wake, Alhaji Dawuni, abweretsa pangano la lendi, losaina kale. Buku la tenda limalola, bola umboni ukhalepo."

Zimenezo zinali zoona, ndipo Sanatu anamva kupepuka. Ndime yachitatu inali pafupi kunena zoona kwa nthawi yoyamba.

"Mulungu akudalitseni, Alhaji," anatero kwa mlendoyo.

"Amina, mwana wanga. Dzanja limodzi silisamba lokha." A Dawuni anaika kapu pansi. "Ndiye undisindikizireko mapepala ako, digiri ndi mbiri ya ntchito. Ndili ndi tenda ina kumadzulo sabata ya mawa. Kachithunzi kakhale kooneka bwino."

Sanatu anayang'ana malume ake. Iwo ankapukuta chidindo chomwe chinali choyera kale.

"Ine kumadzulo ndikagwira bwanji, ntchito ino tikaipeza?"

"Ndani wati upite?" a Dawuni anaseka. "Ndi dzina chabe. Iwe ungosaina, kangachepe kako kazikupeza uli khale. Ampofo wamanga nyumba osadetsa nsapato."

"Mwakwezedwa, injiniya," anatero Iddrisu pakhomo paja. "Mugule tayi."

Fani inkazungulira, ikusuntha fumbi kuchoka pa tebulo lina kupita pa lina.

"Sanatu," malume anatero motsitsa mawu, "popanda kompresa tagwa tisanayambe. Anyamata asanu ndi mmodzi akudikira ntchito imeneyi. Dzina unkalifuna, ndakupatsa. Chinanso n'chiyani?"

Anawerenganso kalata ija kuyambira pamwamba. Zikalata zonse zinali m'malo mwake. Chiganizo chomaliza, chomwe analemba kambirimbiri osachiona, chinkati zonse zanenedwa muno ndi zoona. Pansi pake panali malo a siginecha ndi chidindo.

Anakonza za kompresa monga anauzidwira. Kenaka anabwerera pa mzere uja, nafufuta dzina lake, chilembo ndi chilembo. Malowo anawasiya opanda kanthu. Anazimitsa fani, chifukwa inkaulutsa mapepala, natenga chikwama chake.

"Kalata ndi iyo, malume. Mwatsala mzere umodzi, mulembemo amene mukufuna, kupatula ine. Zingwe zoyezera zili m'kabati, kiyi ndi uyu. Lolemba sindibwera."