NyaJere Wasamuka pa Khonde

Kwa zaka zambiri Tionge Jere ankasokera pa khonde la golosale ina pafupi ndi msika wa pa Boma la Mzimba. Mvula ikabwera ndi mphepo ankafunditsa makina ake pepala lapulasitiki, nsalu za anthu n'kuthawira nazo m'golosale. Tsono atapeza chipinda chakechake m'njira yopita ku chipatala, cha chitseko chokhoma ndi magetsi omwe, anasangalala mpaka kuvina pamaso pa mwini nyumba.

Nkhawa yake inali imodzi. Makasitomala ake ambiri anali a kumidzi ya ku Champhira ndi ku Jenda, anthu obwera pa Boma mwa apo ndi apo. Anayesetsa kuwadziwitsa. Amene anali ndi manambala awo anawaimbira, anaika uthengawo pa WhatsApp, ndipo pa khonde lakale anamatapo pepala lolozera malo atsopano. Anapitanso ku wailesi ya m'deralo, komwe analengeza m'mawa ndi madzulo kuti Providence Fashions yasamukira ku njira ya ku chipatala.

Sabata yoyamba kunabwera a m'tauni okhaokha. Yachiwiri chimodzimodzi. Tionge ankasesa, kukonza madiresi pa mahang'ala, n'kukhala pansi kuyang'ana msewu.

Tsiku lina chakumasana njinga ya kabaza inaima pakhomo. Anatsika mayi Linily Nyirenda a ku Champhira, amene anasiya nsalu za zovala za ukwati wa mwana wawo Tionge asanasamuke. Analibe foni, ndipo Tionge ankadalira wailesi ija kuti iwafikire.

"Mwana iwe, wandizunguza mutu," anatero mayiwo akupukuta thukuta. "Ndafika pa khonde paja, ndapeza wokonza mafoni. Ndimati wathawira ku Joni ndi nsalu zanga. Mbwenu ndimangozungulira mu msika, mtima uli m'mwamba."

"Pepani amama. Pepala lija simunalione?"

"Mvula inafufuta zonse, kwatsala guluu basi. Wandipulumutsa ndi bambo wa njingayu. Ndangoti ndikufuna NyaJere wa pa khonde, iye akuti kwerani."

"Komatu ndinalengezetsa pa wailesi."

"Pa wailesi timamva tsiku lililonse za Providence chakutichakuti. Ine ndi anzanga timafunsana kuti ameneyu ndiye ndani, wachita kusamuka mokuwa chonchi?"

Tionge anagwira pakamwa. Dzina limenelo linali pa chiphaso cha bizinesi ndi pa chikwangwani chatsopano chokha. Pa khonde paja sipanalembedwepo kalikonse, ndipo anthu ankangomudziwa kuti NyaJere. Anayamba kuseka, mayi Linily nawo n'kuyambapo, mpaka wa kabaza uja, a Stewart, anatsamira njinga yawo misozi ili m'maso.

Atapuma, Tionge anatulutsa zovala za ukwati. Mayi Linily anayeza yawo m'kachipinda koyezera, chinthu chimene pa khonde panalibe. Anatuluka akuzungulira pagalasi lalitali.

"Apa ndiye wakhala munthu," anatero. "Kale tinkayezera kuseri kwa chitenje, anthu akudutsa. Yewo chomene. Za ku Champhira usadandaule, ndikanena ku Umanyano, kwa amayi anzanga a mpingo."

Masana omwewo Tionge anabwerera ku wailesi n'kusintha uthenga. Tsopano unkati NyaJere wa pa khonde, uja wosoka pafupi ndi msika, wasamukira m'njira ya ku chipatala, nyumba ya chitseko chobiriwira moyang'anana ndi chigayo, ndipo unkanenedwa m'Chitumbuka ndi m'Chichewa. Anaitana wolemba zikwangwani kuti pansi pa dzina lija awonjezere "Kwa NyaJere" m'zilembo zikuluzikulu. Wokonza mafoni uja anavomera kuti pa khonde pakhomedwe kachikwangwani ka penti, kosaopa mvula. A Stewart anamuperekeza pa siteji ya kabaza, Tionge n'kuwafotokozera anzawo onse njira.

Ku ukwati anamuitana, ndipo anapita. Pa nthawi ya perekaniperekani mayi Linily analanda chimkuzamawu kwa woyendetsa mwambo.

"Nonse amene mukufunsa za madiresiwa, wasoka ndi uyu. Imirira mwana wanga akuone. Musakamufunenso pa khonde, mukangotopa. Ali ku njira ya ku chipatala, moyang'anana ndi chigayo."

Tionge anaimirira mwamanyazi, amayi akululutira. Asanakhale pansi, ena anali atayamba kale kumufunsa nambala.

Sabata yotsatira minibasi ya ku Jenda inatsitsa amayi angapo, aliyense ndi nsalu m'chikwama. Benchi la m'sitolo linachepa, ena anakhala panja pa sitepe akucheza. Mdala wina, a Zondwayo, anabwera ndi jekete loti aliphatike m'zigongono, ndipo anadandaula kuti ku malo atsopanowa ndi kutali ndi kumene amamwera tiyi. Tionge anawalonjeza kuti akadzabweranso adzapeza ketulo, kenaka anatenga tepi yoyezera n'kuitana woyamba.