Nyimbo ya Bwana Wosanza

Ambrose anali mlovi, mmodzi mwa amuna okoka khoka la chilimira mu boti la a Jeffrey ku Chembe, koma mumtima ankadziwerengera pagulu la oimba akuluakulu amene dziko likungochedwa kuwazindikira. Nyimbo anali nayo imodzi basi, ndipo imodziyo inali yonyoza bwana wake.

A Jeffrey anali ndi maboti, mainjini ndi makoka, koma nyanja sinkawafuna. Tsiku lina anakwera nawo boti kuti akaone ngati alovi sakuwabera usipa. Asanafike n'komwe pa chilumba cha Thumbi, bambo aja anayamba kusanza, nagona chafufumimba pansi pa boti akuitana mayi awo amene anamwalira kalekale. Ambrose anaona zonse. Anapeka nyimbo, n'kukaijambulitsa pa kasitudiyo kena ku Monkey Bay, komwe anawapinda mawu ake ndi kompyuta mpaka kumveka ngati udzudzu uli m'chitini. Anaiika pa intaneti m'dzina loti Kampango Wakuda, popanda nkhope. Mantha analipo ndithu: mkazi wake anali woyembekezera, ndipo a Jeffrey atangoimva nyimboyo analumbira pagulu kuti woipekayo akadziwika sadzagwiranso chingwe chawo.

Pa tsamba la Kampango Wakuda, oimvera nyimboyo sakanadzaza ngakhale bwato. Ndiye kunatulukira wina wodzitcha Mfumu ya ku Joni, chithunzi chake chili nyumba zosanja ndi galimoto yofiira. Anaitenga nyimboyo yonse, naiika pa tsamba lake, n'kulemba kuti, “Nyimbo yanga yatsopano.” Abale inu, mmene inawandira! Akabaza pa Mangochi boma ankaiimba akupalasa, amayi oyanika usipa pa thandala ankaivinira, ndipo m'munsi mwake anthu ankangothira ndemanga zoti Mfumu ndi katswiri.

Ambrose zinamuwawa kuposa mbedza m'chala. Kudya kunamukanika. Sabata imeneyo a Jeffrey anathamangitsa Swadick, wosoka maukonde awo, ndipo gombe lonse linkanong'onezana za nkhaniyo, koma Ambrose analibe makutu a mavuto a eni. Iye anali pa foni. Analemba pansi pa nyimboyo, m'dzina la Kampango Wakuda, kuti Mfumu ndi mbava, anthu n'kumuyankha kuti nsanje imupha. Anadina batani lodandaulira m'mawa ndi masana, akusankha chifukwa chilichonse chimene chala chagwerapo poti zonse zinali m'Chingerezi. Yankho linkabwera lomwelomwelo, loti nyimboyo sinaphwanye lamulo lililonse.

Mapeto ake anakaulula kwa mlongo wake Rachael, amene ankalandira alendo pa loji ina. Rachael anayamba waseka kaye mpaka kupukuta misozi. Kenaka anamufotokozera kuti batani lija angalidine mpaka chala kutupa, palibe chingachitike, chifukwa nkhani ya kuberedwa nyimbo ili ndi khomo lakelake. Mwini nyimbo amayenera kudandaula yekha, kuonetsa pamene pali yobedwayo ndi pamene iye anaiika poyamba, kulemba dzina lake lenileni ndi imelo, n'kutsimikiza kuti zimene akunenazo n'zoona. Anatsegula pamalopo nayamba kumuwerengera. Atafika chakumunsi anaima.

“Achimwene, apa akuti dzina lanu ndi imelo yanu akampatsa munthu amene mukumudandaulirayo. Mwamva?”

Ambrose anati wamva. Anafunsa ngati sangalembe Kampango Wakuda, Rachael n'kumuuza kuti akufuna dzina la munthu, osati la nsomba, ndipo iye za bodza sazilemba. Anamukumbutsa za lumbiro la a Jeffrey, za mimba ya mlamu wake, ndiponso kuti nyimbo siphikidwa. Koma munthu akafuna kutchuka mumamudziwa inu. Ambrose anatambasula chithunzi cha Mfumu ndi zala ziwiri, namuonetsa nyumba zosanja zija. Kodi ku Chembe ziliko zimenezi? Munthu wa ku Joni angawadziwire kuti a Jeffrey? Dzinalo likafika kumeneko likangosowa m'chigulu cha anthu.

“Lemba,” anatero. “Ambrose Chikoti. Ulembe bwinobwino, asalakwitse.”

Rachael analemba, akupukusa mutu.

Patapita masiku angapo uthenga unafika woti nyimboyo yachotsedwa pa tsamba la Mfumu. Ambrose anapita kukaona yekha, napeza pamalopo pali mbee. Tsiku limenelo anayenda pagombe chifuwa chili patsogolo, akupatsa moni ngakhale anthu amene anayambana nawo chaka chatha. Chinkangomupweteka n'chakuti panalibe womuuza.

Sanavutike nthawi yaitali. Masana omwewo anaitanidwa ku shedi ya a Jeffrey. Anapeza alovi onse akhala pa mulu wa makoka, bwana ali pampando, ndipo pambali pawo paima Swadick, foni ili m'manja, akumwetulira ngati wapambana mlandu.

Mfumu ya ku Joni inali Swadick. Ku Joni anali asanapondeko, ngakhale pa Mwanza penipenipo. Nyumba zosanja zija anazitola pa intaneti monga anatolera nyimbo. Wina anali atawatsina khutu a Jeffrey kuti tsambalo ndi la Swadick, n'chifukwa chake anathamangitsidwa. Analumbira mpaka kugwada kuti iye anangoba, kupeka sadziwa, koma ndani akanakhulupirira munthu amene analemba yekha kuti nyimbo ndi yake? Tsopano uthenga unali utamufikira womuuza kuti nyimboyo yachotsedwa chifukwa mwini wake wadandaula, dzina la mwiniyo lili pomwepo. Unanenanso kuti ngati akuona kuti yachotsedwa molakwika, ali ndi ufulu wotsutsa. Kutsutsa? Swadick anathamanga nawo uthengawo osavala n'komwe nsapato.

A Jeffrey anauza mlovi wina kuti awerenge mokweza. Dzina linamveka bwino lomwe, losalakwika ngakhale pang'ono.

“Ambrose,” anatero a Jeffrey mofatsa, “akuti nyimboyi ndi yako. Kapena akunamizira?”

Apa mpata unalipo. Akanatha kunena kuti wina wagwiritsa ntchito dzina lake, ndipo mwina bwana akanakayika. Ambrose anayang'ana alovi anzake, anthu amene anakhala akuimba nyimboyo chamumtima pokoka chingwe, onse maso ali pa iye. Anayang'ana Swadick, mbava yopanda ndi mawu oimbira omwe. Mkazi wake anamukumbukira ndithu, tisamunamizire. Koma pakamwa panatseguka pokha.

“Ndi yanga, bwana. Mawu ndi mayimbidwe omwe.”

A Jeffrey anagwedeza mutu, namuuza kuti ayimbe tsono, popanda kompyuta, anthu amve luso. Ambrose anaimba ndime yoyamba. Panalibe woseka, aliyense ankaopa ntchito yake. Atafika pamene bwana amaitana mayi awo, a Jeffrey anakweza dzanja. Anati Swadick abwerere pa maukonde mawa, poti wakuba amaweteka, ungomuyang'anira. Koma Ambrose atenge jekete lake m'boti, ndipo asavutike kukafunsa malo kwa eni maboti ena, chifukwa iwonso ali ndi mimba zimene sizikonda mafunde.

Potuluka anadutsa pa thandala. Nkhani inali itafika kale. Amayi aja anamuimbira m'manja, wina n'kuyatsa nyimboyo pa foni, poti aliyense anali nayo kalekale pa memori khadi. Mpaka kumsika ankamuloza kuti woimba uja ndi ameneyu.

Kunyumba anapeza mkazi wake atakhala pakhonde, miyendo yotupa ataitambasula, beseni lili pambali. Anamuyang'ana m'manja, mmene munali jekete lokha, namufunsa ngati a Jeffrey agawa kale usipa wa ndiwo.